Bandulo ya tsiku, ya sabata kapena ya mwezi: iti ikuyenera munthu wosakhalitsa pa foni?

Azakhali anga si munthu wa foni. M'mawa amayatsa data n'kuona ngati ana alemba chilichonse pa WhatsApp, amayankha ndi mauthenga a mawu awiri kapena atatu chifukwa kulemba kumawatopetsa, ndipo madzulo amaonanso kamodzi asanagone. Vidiyo saonera, kupatula ikakhala ya mdzukulu. Koma kwa nthawi yaitali ankagula bandulo ya tsiku, tsiku lililonse, ndipo nditawafunsa chifukwa chake anandiyankha mosakayika: "Iwe, ine sindigwiritsa ntchito kwambiri, ndiye ya mwezi ndikatani nayo? Imeneyo ndi ya inu okhalira pa foni."

Yankholi limamveka lanzeru, ndipo anthu ambiri amaganiza chimodzimodzi: wodya pang'ono agule kakang'ono. Vuto ndi lakuti bandulo siili ngati katundu amene mumagula n'kusunga. Mukagula bandulo mwagula zinthu ziwiri pakamodzi, kuchuluka kwa data ndi nthawi imene data imeneyo ikhale yamoyo. Chimodzi mwa ziwirizi chikatha, bandulo yatha. Munthu woonera mavidiyo ambiri amamaliza data nthawi isanakwane. Munthu ngati azakhali anga zimamuchitikira mosemphana: nthawi imatha data ikadalipo, ndipo yotsalayo imangopita. Choncho kwa munthu wogwiritsa ntchito pang'ono, funso lalikulu si lakuti ma MB ndi angati, koma lakuti ndalama yakeyo yamugulira masiku angati.

Mawu akuti "tsiku" enieniwo amafunika kuwafufuza. Makampani ena akati bandulo ya tsiku amatanthauza maola 24 kuchokera pamene mwagula, kotero mukagula 3 koloko masana lero idzatha 3 koloko masana mawa. Ena amatanthauza kuti ikakwana pakati pa usiku yatha, kaya mwagula m'mawa kaya mwagula 9 koloko usiku. Kusiyana kumeneku si kochepa. Bandulo ya maola 24 ikhoza kukutumikirani masiku awiri mukaigula mochenjera, madzulo a lero ndi m'mawa wa mawa. Yothera pakati pa usiku, mukaigula madzulo mwalipira tsiku lathunthu pa maola atatu. Uthenga umene umabwera mukangogula umanena tsiku ndi ola limene bandulo ithere, ndipo ndi uthenga umene ambirife timafufuta tisanauwerenge.

Ya sabata ilibe zambiri zobisika, ndi masiku 7. Ya mwezi kawirikawiri imakhala ya masiku 30, osati mwezi wa pakalendala. Chaka chili ndi masiku 365, ndiye mabandulo 12 a masiku 30 amasiya masiku 5 opanda kanthu, ndipo tsiku logulira limabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Amene amagula akangolandira malipiro amadzadabwa mwezi wina bandulo itatha malipiro asanafike. Pali makampani enanso amene "mwezi" wawo ndi masiku 28, ndipo pamenepo pa chaka mumagula ka 13.

Lamulo limene limagwira pafupifupi kulikonse ndi lakuti bandulo ikamakula, mtengo wa MB iliyonse umatsika. Otsatsa malonda amakonda kuonetsa zimenezi. Koma mtengo wa MB imene mwagula si mtengo wa MB imene mwagwiritsa ntchito. Mukagula 100MB n'kugwiritsapo 25MB zokha, MB iliyonse mwailipira kanayi mtengo umene unalembedwa. Pamenepa m'pamene munthu wosakhalitsa pa foni amaluzira, ndipo saona chifukwa palibe uthenga umene umabwera wonena kuti lero mwataya zakuti.

Muyambe mwadziyeza

Palibe angakuuzeni bandulo yoyenera asanadziwe mmene mumadyera data, ndipo kungoganizira kumanamiza. Mwayi wake, foni imalemba yokha. Pa Android lowani mu Settings, kenako Network & internet kapena Connections, n'kupeza pamene palembedwa Data usage kapena App data usage; mayina amasiyana pang'ono malinga ndi mtundu wa foni. Pamenepo mumaona data yonse imene yapita m'nyengo inayake komanso pulogalamu iliyonse ndi gawo lake. Pa iPhone zili mu Settings pansi pa Mobile Data kapena Cellular, koma kumeneko nambala sizibwerera pa 0 zokha, mpaka mutadina Reset Statistics, ndiye musadzidzimuke mukaona nambala yaikulu ya zaka ziwiri. Njira yosavuta kuposa zonsezi ndiyo kufunsa data yotsala usiku uliwonse musanagone n'kulemba papepala kwa sabata imodzi.

Kuti nambalazo zikhale ndi tanthauzo, ndi bwino kudziwa kulemera kwa zinthu zimene timachita. Uthenga wolemba ndi wopepuka kwambiri, moti mauthenga mazana angapo amakwana mu MB imodzi. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo zithunzi zingapo ndi zimene zimakwanitsa MB imodzi. Kuimba foni ya mawu pa intaneti sikufika MB imodzi pa mphindi. Kuimba kooneka nkhope kumadya ma MB angapo pa mphindi iliyonse. Vidiyo ndiye chilombo: ola limodzi la vidiyo yooneka bwino pang'ono limadya ma MB mazana angapo, ndipo yooneka bwino kwambiri imatha kupitirira 1GB pa ola. GB imodzi ndi pafupifupi 1,000MB; ena amawerenga 1,024MB. Tikatero mukuona kuti munthu wongolemba ndi kumvera mauthenga akhoza kukhala tsiku lonse osafika 30MB, pamene mwana amene wabwereka foni kwa mphindi 20 akhoza kumaliza data ya sabata yathunthu ya munthu ameneyo.

Ine ndi azakhali tinagwirizana kuti tiyeze sabata imodzi popanda kusintha kalikonse. Zimene tinalemba ndi izi: Lolemba 22MB, Lachiwiri 18MB, Lachitatu 25MB, Lachinayi 140MB, Lachisanu 20MB, Loweruka 45MB, Lamlungu 30MB. Zonse pamodzi 300MB. Tsiku la Lachinayi lija bandulo inatha masana asakudziwa chimene chaidya, ndipo anagulanso yachiwiri akung'ung'udza kuti akuberedwa. Tsiku limenelo tibwererako, chifukwa ndi limene linasintha nkhani yonse.

Tsopano tiike mitengo. Popeza mitengo imasiyana dziko ndi dziko, kampani ndi kampani, ndiponso imasintha kawirikawiri, nambala zimene ndigwiritse ntchito apa ndi zongoyerekeza. Inu muikemo zanu. Titenge mtengo wa bandulo ya tsiku ya 100MB n'kuutcha khobidi limodzi. Tinene kuti ya sabata ya 600MB ndi makobidi 5, ya mwezi ya 1GB ndi makobidi 9, ndipo ya mwezi ya 2GB ndi makobidi 14.

Munthu wodya 300MB pa sabata amadya pafupifupi 43MB pa tsiku, ndipo pa masiku 30 zimafika pafupi ndi 1,300MB. Akamagula ya tsiku, agula ka 30, kuonjezapo masiku anayi onga Lachinayi lija pamene agule kawiri. Amenewo ndi makobidi 34. Walipira 3,400MB koma wagwiritsa ntchito 1,300MB, ndiye kuti zoposa theka zatayika. Akamagula ya sabata, pa masiku 30 afunika mabandulo anayi ndi kagawo, makobidi pafupifupi 21, ndipo sabata iliyonse theka la data likutsala. Akagula ya mwezi ya 2GB walipira makobidi 14 n'kutsala ndi 700MB. M'njira zitatu zonsezi data ikutayika, koma ndalama yotuluka m'thumba ndi 34, 21 kapena 14. Azakhali ankalipira kuposa kawiri zimene akanalipira, pofuna kupulumutsa ndalama.

Ndinaona nkhope yawo itasintha pamene ndinatchula za 700MB zotsala. "Ndiye zimenezo zingopita choncho?" Inde, zingopita, ndipo m'pake kuti zimawawa, chifukwa kutaya kwa bandulo ya mwezi kumaoneka kamodzi ndipo n'kwakukulu. Kwa bandulo ya tsiku kumabwera pang'onopang'ono, 70MB lero, 80MB mawa, osaona n'komwe. Choyenera kuyerekeza ndi ndalama zimene zatuluka pa masiku 30, osati data imene yatsala.

Pali kawerengedwe kamodzi kachidule kamene kamathetsa mkangano. Tengani mtengo wa bandulo ya mwezi yaing'ono kwambiri imene ingakukwanireni, muugawe ndi mtengo wa bandulo ya tsiku. Yankho lake ndi masiku. M'chitsanzo chathu 14 kugawa ndi 1 ndi masiku 14. Ngati pa mwezi mumayatsa data masiku oposa 14, ya mwezi ndiyo yotsika mtengo. Ngati simufika pamenepo, ya tsiku ikukuyenerani. Chimodzimodzi ndi ya sabata: makobidi 5 akutanthauza kuti wolowa pa intaneti masiku 6 kapena 7 pa sabata apindula nayo, pamene wolowa masiku atatu aluza.

Apa m'pamene zimaonekera kuti anthu "ogwiritsa ntchito pang'ono" alipo a mitundu iwiri yosiyana kwambiri. Wina ndi wa pang'ono tsiku lililonse, monga azakhali. Wina ndi wa mwa apo ndi apo: sabata yonse ali kumene netiweki sigwira bwino, kapena kuntchito ndi kunyumba ali ndi wayifayi, ndipo data ya pa foni amaifuna masiku 8 okha pa mwezi. Munthu wachiwiriyu akagula ya tsiku alipira makobidi 8, ndipo ngati bandulo yake ndi ya maola 24 akhoza kuchepetsanso poigula madzulo kuti imufikitse mawa lake. Kumugulitsa ya mwezi ya makobidi 14 n'kumulipiritsa masiku 22 amene foni yake ili chete. Anthu awiriwa akhoza kudya ma MB ofanana pa mwezi, koma mayankho awo ndi osiyana, chifukwa chimene chikusiyana ndi kamwazikidwe ka masikuwo.

Za Lachinayi lija

Titatsegula Data usage tinapeza kuti pa 140MB zija, azakhali anagwiritsa ntchito ndi manja awo zosakwana 30MB. Zinazo zinapita m'njira ziwiri. Foni inali itadzipangira yokha apudeti ya mapulogalamu awiri, ndipo pa gulu lina la WhatsApp munthu anatumiza mavidiyo atatu amene foni inawakopera yokha, iwo osawatsegula n'komwe. Apudeti ya pulogalamu imodzi imatha kukhala ma MB makumi angapo, ndipo ya foni yonse imafika mazana ambiri, nthawi zina kupitirira 1GB. Kwa munthu wa 100MB pa tsiku, kamodzi kokha bandulo yapita.

Mukadina dzina la pulogalamu pa mndandanda uja, foni zambiri za Android zimaonetsa nambala ziwiri, Foreground ndi Background. Yoyamba ndi data imene yapita inu mukuigwiritsa ntchito pulogalamuyo, yachiwiri ndi imene yapita foni ili m'thumba. Mukaona yachiwiri ikuposa yoyamba pa pulogalamu imene simuitsegula kawirikawiri, mwamupeza wakubayo, ndipo ali m'nyumba mwanu momwemo.

Tinakonza zinthu zitatu. Mu WhatsApp tinalowa Settings, kenako Storage and data, ndipo pansi pa Media auto-download tinachotsa mavidiyo ndi zina zonse pamene palembedwa When using mobile data, kuti chilichonse chizitsika pokhapokha iwo achidina. Mu Play Store tinalowa Settings, Network preferences, Auto-update apps, n'kusankha kuti apudeti izichitika pa wayifayi pokha. Kenako tinayatsa Data Saver, imene imaletsa mapulogalamu ambiri kudya data mobisa. Apa pali chochenjera nacho: Data Saver ikhoza kuchedwetsa mauthenga a mapulogalamu ena, ndiye amene mumawadalira muwapatse chilolezo pamene palembedwa Unrestricted data. Komanso amene alibe wayifayi asasiye apudeti mpaka kalekale, chifukwa pulogalamu ikakalamba kwambiri imakana kugwira ntchito, ndipo ma apudeti ena amatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Angosankha tsiku lake.

Sabata yotsatira inatha ndi pafupifupi 200MB. Pa masiku 30 zimenezo ndi pafupi ndi 860MB, ndipo mwadzidzidzi bandulo ya 1GB ya makobidi 9 inayamba kukwanira. Tisanakonze, 1GB ikanatha cha pa tsiku la 23, n'kufuna kuonjezera ya sabata ya makobidi 5, zonse pamodzi 14, chimodzimodzi ndi ya 2GB koma ndi mavuto ambiri. N'chifukwa chake ndimati munthu ayambe watseka mabowo kenako n'kuyeza, apo ayi agula bandulo yaikulu yodyetsa foni osati iye. Ndipo posankha, asiye malo. Wodya 860MB pa 1GB ali ndi kampata kochepa, kokwanira ngati moyo wake susintha. Wodya 950MB asadzinamize, atenge yotsatira.

Zimene ya mwezi imabisa

Ndaiyamikira mokwanira, tsopano ndinene zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono.

Choyamba ndi chodziwikiratu: imafuna ndalama yonse pakamodzi. Munthu amene ndalama zake zimabwera pang'onopang'ono akhoza kudziwa bwino lomwe kuti ya mwezi ndiyo yotsika mtengo, koma makobidi 9 pakamodzi alibe, ali ndi limodzi lokha lero. Si umbuli umenewo, ndi mmene thumba lilili, ndipo ndimaipidwa ndikamva anthu akunyoza ogula ya tsiku ngati sadziwa masamu. Njira yotulukira ilipo koma imafuna kupirira: kudumpha masiku ena osagula, kusonkhanitsa za masiku asanu n'kugula ya sabata, kenako zimene zikupulumuka pa sabata iliyonse n'kumaziika padera mpaka zikwane ya mwezi.

Chachiwiri n'chakuti mazira onse ali m'dengu limodzi lopanda chivundikiro. Bandulo ya tsiku ili ndi mpanda wake: choipa chichitike motani, mwataya khobidi limodzi basi. Ya mwezi ilibe mpanda wotero. Mwabwereketsa foni kwa mwana, mwayatsira mnzanu hotisipoti n'kuiwala kuzimitsa, kapena kompyuta imene mwailumikiza yayamba kudzipangira apudeti chifukwa ikuona ngati ili pa wayifayi ya ulere, ndipo data ya masiku 30 yatha madzulo amodzi. Palinso mtima wa munthu. Ukaona 1GB pa foni umadzimva wolemera, vidiyo imene dzulo ukanaidutsa lero ukuitsegula, ndipo pofika tsiku la 12 wayamba kale kufunsa yotsala ndi mantha. Anthu ena amene amadzitcha ogwiritsa ntchito pang'ono ndi otero chifukwa chakuti bandulo ya tsiku imawamanga manja. Amenewa akasamukira ku ya mwezi amadzapeza akugula kawiri pa mwezi.

Mpanda umenewu mukhoza kudzimangira nokha. Pa Android, pafupi ndi Data usage pali Data warning & limit kapena Billing cycle. Ikani tsiku loyambira kuwerenga kuti likhale tsiku limene mwagula bandulo, ikani Set data warning cha pa theka, ndipo Set data limit muiike pansi pang'ono pa kukula kwa bandulo yanu, monga 900MB pa 1GB. Muiike pansi chifukwa kuwerenga kwa foni ndi kwa kampani sikufanana ndendende, ndipo kumene kumagwira ntchito polipira ndi kwa kampani. Njira ina yosafuna kudina kalikonse ndiyo kugawa bandulo m'magawo anayi m'mutu: pa 1GB, sabata iliyonse isapyole 250MB. Mukafunsa yotsala pa tsiku la 7 n'kupeza yatsika kupitirira pamenepo, mwadziwa msanga.

Chachitatu, ya mwezi imakumangirirani ku kampani imodzi kwa masiku 30. Ngati mukusamuka, mukupita kumene simukudziwa ngati netiweki imeneyo imagwira, kapena mwangogula simu yatsopano, musayambe ndi ya mwezi. Gulani ya tsiku muyesere pamalo pamene mumakhala nthawi zambiri, m'nyumba osati panja, madzulo pamene anthu ambiri ali pa intaneti osati m'bandakucha.

Ya sabata ili pakati pa ziwirizi, ndipo sindiiona ngati yokhalitsa nayo. Ndi yabwino poyeza, chifukwa sabata imodzi imaonetsa masiku a ntchito ndi opuma omwe. Ndi yabwino kwa amene ndalama zake zimabwera pa sabata, kwa amene ali paulendo wa masiku angapo, komanso potseka mpata pamene ya mwezi yatha kutatsala masiku asanu. Imachepetsanso ngozi ija, poti choipa chikachitika mwataya sabata imodzi osati mwezi. Koma amene wagula ya sabata kanayi motsatizana, miyezi iwiri, akulipira mtengo wa mantha, ndipo ayenera kukhala pansi n'kuwerengera.

Mphindi imene bandulo yatha

Pali ndalama ina imene siioneka pa mndandanda wa mitengo. Bandulo ikatha data ili choyaka, makampani ena amangodula intaneti, koma ena amayamba kudula mayunitsi anu oimbira pa mtengo wa kunja kwa bandulo, umene nthawi zambiri umakhala wokwera kwambiri kuposa wa m'bandulo. Chizindikiro chake n'chodziwika: munali ndi mayunitsi usiku, simunaimbire aliyense, m'mawa mwapeza palibe. Wogula ya tsiku amadutsa pa mphindi yoopsayi ka 30 pa mwezi, wa sabata kanayi, wa mwezi kamodzi. Kwa munthu woiwala kuzimitsa data, ichi chokha n'chifukwa chokwanira chosiyira ya tsiku. Makampani ambiri ali ndi njira yoletsera kuti mayunitsi asamadyedwe ndi intaneti. Funsani kampani yanu ndipo muitseke kamodzi.

Mufunsenso zinthu ziwiri musanagule. Choyamba, ngati data yotsala imasamukira ku bandulo yatsopano. Kumene zimenezi zimaloledwa, kawirikawiri pamafunika kugula yatsopano yakaleyo isanathe, ndiye kuchedwa ndi ola limodzi kumatayitsa zonse. Ngati kusamukako kulipo, ya mwezi imakoma kwambiri kwa wodya pang'ono, chifukwa zotsala za mwezi uno zimakhala chitetezo cha mwezi wamawa. Chachiwiri, ngati bandulo imadzigulanso yokha ikatha. Pa ya mwezi zimenezi zimathandiza. Pa ya tsiku ndi msampha kwa munthu wa masiku 8 uja, chifukwa izidzigula masiku onse 30 malinga ngati mayunitsi alimo, ndipo phindu lake lonse lapita.

Muonenso bwino nambala yaikulu imene yalembedwa. Bandulo ina imati 2GB koma theka lake ndi la usiku wokha, pamene munthu ngati azakhali ali m'tulo, kapena ndi la pulogalamu imodzi yokha. Powerengera, tengani gawo lokhalo limene mungaligwiritse ntchito masana pa chilichonse. Mabandulo a WhatsApp yokha kapena a masamba a mchezo okha amakhala otsika mtengo, ndipo kwa munthu amene moyo wake wonse wa pa intaneti uli m'pulogalamu imodzi amaoneka ngati yankho. Malire ake ndi akuti wina akakutumizirani linki yopita kunja kwa pulogalamuyo, siitseguka, kapena itseguka n'kudya mayunitsi; ndipo pa mabandulo ena otere kuimba sikuwerengedwamo. Amayenda bwino akaphatikizidwa ndi kuletsa kuja kwa mayunitsi, ndi bandulo ya tsiku ya pa chilichonse pamene yafunika.

Kuphatikiza kumeneku ndi kumene ndimakukonda, ndipo n'kumene azakhali anathera. Amagula ya mwezi yaing'ono ya zinthu za masiku onse. Tsiku limene akufuna kuimba kooneka nkhope kwa nthawi yaitali, kapena lopanga ma apudeti amene aunjikana, amagula ya tsiku yaikulupo n'kuchitira zonse zolemera tsiku limenelo. Ubwino wa ya tsiku uli pamenepa: makampani ambiri amagulitsa data yochuluka ya tsiku limodzi motsika mtengo, podziwa kuti ambiri saimaliza. Chofunika kutsimikiza n'chakuti mabandulo awiri akakhalapo pakamodzi, ndi iti imene imayamba kudyedwa. Kawirikawiri imayamba ndi imene ithe msanga, koma si kulikonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: funsani zotsala za onse awiri, tsegulani vidiyo ya mphindi imodzi, dikirani pang'ono, mufunsenso. Ngati imene yatsika ndi ya mwezi, njirayi sikugwirirani ntchito pa kampani imeneyo, ndipo zolemerazo muzichita pa tsiku la pakati, ya mwezi itatha, yatsopano musanagule.

Mwezi woyamba azakhali anandiimbira pa tsiku la 26. "Iwe, ati kwatsala 210MB ndipo ithera Lachiwiri. Nditani nazo?" Ndinawauza kuti atsegule Play Store apange ma apudeti amene akudikira, akayambe ndi WhatsApp, ndipo zikatsalabe aimbire mdzukulu wawo amuone nkhope.